Matenda otupitsa matumbo a mgonagona

Matenda otupitsa matumbo a mgonagona, omwe madokotala amawalemba mwachidule kuti IBD, ndi matenda amene chitetezo cha m'thupi chimatembenukira khoma la matumbo a mwini wake n'kulitupitsa ndi kulichititsa zilonda. Mitundu yake ikuluikulu ndi iwiri: kolaitisi ya zilonda ndi matenda a Crohn. Onse awiri sapatsirana, amakhala ndi munthu moyo wake wonse, ndipo amayenda mosinthanasinthana: amabuka kwa milungu kapena miyezi, kenako n'kuzizira, n'kudzabukanso. Palibe mankhwala amene amawathetseratu, koma pali mankhwala owaziziritsa ndi ena owaletsa kubukanso.

Kusankha chithandizo cha nthawi yaitali kumadalira mtundu wa matendawa, chigawo cha matumbo chimene chagwidwa, kukula kwa kutupa, ndi mmene thupi layankhira mankhwala oyamba. Ku Malawi kuli funso lina limene limabwera patsogolo pa onsewa: kodi kutupako sikukuchokera ku tizilombo? Kamwazi, likodzo la m'matumbo ndi TB ya m'matumbo zimaoneka chimodzimodzi ndi IBD, ndipo mankhwala ambiri a IBD amafoola chitetezo cha m'thupi, kotero kuti akaperekedwa kwa munthu wodwala matenda enawo amamuika pangozi.

## Mitundu iwiri

Kolaitisi ya zilonda imagwira matumbo aakulu okha. Imayambira kumapeto kwenikweni, pafupi ndi kotulukira chimbudzi, n'kumakwera mosadumpha malo. Mwa ena imathera pachigawo chomalizacho, mwa ena imakwera mbali yonse ya kumanzere kwa mimba, ndipo mwa ena imafalikira matumbo aakulu onse. Zilonda zake sizizama, zimangokhala pakhungu la m'kati. N'chifukwa chake chizindikiro chake chachikulu ndi magazi: munthu amatsekula m'mimba chimbudzi chosakanikirana ndi magazi ndi zonanda ngati mamina, amamva kufuna kupita kuchimbudzi mwadzidzidzi, ndipo nthawi zina akafika kumeneko satulutsa kanthu koma magazi ochepa. Dokotala wa ku London, Samuel Wilks, ndiye amadziwika kuti anafotokoza matendawa mu 1859 monga osiyana ndi kamwazi wamba.

Matenda a Crohn angagwire pena paliponse kuyambira m'kamwa mpaka kotulukira chimbudzi, koma amakonda pamene matumbo aang'ono amalumikizana ndi aakulu, kumunsi kwa mimba chakumanja. Amadumphadumpha: pena podwala, pena pabwinobwino, penanso podwala. Kutupa kwake kumalowa khoma lonse la thumbo, ndipo kuzama kumeneku ndiko kumabweretsa mavuto amene kolaitisi kawirikawiri ilibe. Khoma likachira ndi chipsera, thumbo limapanikizika n'kukhala ndi njira yopapatiza imene chakudya chimavutika kudutsa. Chilonda chikaboola khoma, pamapangika thumba la mafinya kapena fisitula, yomwe ndi njira yolakwika yochoka m'thumbo kupita ku thumbo lina, ku chikhodzodzo kapena pakhungu la pafupi ndi kotulukira chimbudzi. Wodwala amamva kupotokola m'mimba, amaonda, amatentha thupi, ndipo magazi m'chimbudzi mwina osaoneka n'komwe. Dzinali linachokera kwa Burrill Crohn, amene pamodzi ndi Leon Ginzburg ndi Gordon Oppenheimer anafotokoza matendawa mu 1932 pachipatala cha Mount Sinai ku New York.

Kusiyana kumeneku kuli ndi zotsatira ziwiri pa chithandizo. Choyamba, mankhwala amene amangogwira ntchito pakhungu la m'kati mwa thumbo amathandiza kolaitisi, koma pa matenda a Crohn phindu lawo ndi lochepa kwambiri. Chachiwiri, kuchotsa matumbo aakulu onse kumathetsa kolaitisi m'matumbo, pamene matenda a Crohn amatha kuyambiranso pamalo pomwe adokotala analumikiza matumbo atadula chigawo chodwalacho.

Mitundu yonse iwiri imathanso kuonekera kunja kwa mimba: mfundo za mafupa zimatupa, maso amafiira ndi kuwawa, ndipo pamiyendo pamatuluka zotupa zofiira zopweteka.

## Chiyambi chake ndi kumene amapezeka

M'matumbo mwa munthu aliyense muli mabakiteriya ambirimbiri osavulaza, ndipo chitetezo cha m'thupi chimakhala nawo mwamtendere. Mwa munthu wodwala IBD mtendere umenewu umasokonekera, chitetezo n'kumalimbana nawo kosalekeza, ndipo khoma la thumbo ndilo limavulala. Chibadwa chimatengapo mbali, pakuti matendawa amaoneka kawirikawiri mwa anthu amene m'bale wawo ali nawo. Fodya amakulitsa matenda a Crohn ndipo amachititsa kuti abwerere msanga pambuyo pa opaleshoni. Ambiri amayamba kudwala ali achinyamata, pakati pa zaka 15 ndi 35.

Kwa zaka zambiri IBD inkatengedwa ngati matenda a ku Ulaya ndi ku North America, kumene m'maiko ena anthu oposa atatu mwa 1,000 alionse ali nawo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 chiwerengero cha odwala atsopano chakhala chikukwera m'maiko a ku Asia, South America ndi Africa kumene mizinda ikukula msanga. Ofufuza amakayikira kusintha kwa zakudya, kuchuluka kwa maantibayotiki amene ana amamwa, ndi moyo wa m'tauni. Kum'mwera kwa chipululu cha Sahara malipoti ambiri achokera ku South Africa, ndipo m'maiko ambiri a m'derali kolaitisi ya zilonda ndiyo imalembedwa kwambiri kuposa matenda a Crohn. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti matenda a Crohn amabisala mosavuta m'kaundula wa TB.

## Matenda ofanana nawo ku Lilongwe

Munthu wa ku Lilongwe amene watsekula m'mimba mwa magazi nthawi zambiri amakhala kuti wadwala kamwazi woyambitsidwa ndi mabakiteriya kapena ndi kachilombo ka amiba, ndipo akapatsidwa mankhwala oyenera amachira m'masiku owerengeka. Choncho n'koyenera kuti azachipatala ayambe aganizira za tizilombo. Vuto limayamba pamene kutsekulako kwapitirira mwezi, kapena kukubwerera kangapo pachaka, koma munthu n'kumangopatsidwa fulajilo ndi bakitirimu ulendo uliwonse, kapena kumangozigula yekha m'sitolo za mankhwala ndi kwa ogulitsa a m'mbali mwa msewu. Popeza IBD imazizira yokha nthawi zina, wodwala amaganiza kuti mankhwalawo agwira ntchito, ndipo zaka zimatha asanapimidwe bwinobwino.

Pali matenda atatu amene dokotala ayenera kuwachotsa m'njira asanalembe kuti munthu ali ndi IBD.

Oyamba ndi kamwazi wa amiba. Zilonda zake zimafanana ndi za kolaitisi. Munthu wa amiba akapatsidwa masiteroidi, matendawo amatha kukula mofulumira mpaka thumbo kubooka. N'chifukwa chake chimbudzi chimapimidwa kaye, ndipo pokayika madokotala ambiri amayamba apereka mankhwala a amiba.

Achiwiri ndi likodzo la m'matumbo. Ambiri amadziwa likodzo lokodzetsa magazi, koma pali mtundu wina umene mazira ake amakhazikika m'khoma la matumbo aakulu n'kuchititsa chimbudzi cha magazi kwa miyezi. Mazirawo amaoneka m'chimbudzi kapena m'kanyama kodulidwa m'thumbo, ndipo mankhwala ake ndi purazikwanteli.

Achitatu, omwe ndi ovuta koposa, ndi TB ya m'matumbo. Imakonda malo omwewo amene matenda a Crohn amakonda, imaondetsa, imatenthetsa thupi, imapanikiza thumbo, ndipo ngakhale pa maikulosikopu zimafanana. Makina a GeneXpert akapeza kachilombo ka TB m'kanyamako nkhani imatha, koma akapanda kukapeza sizitanthauza kuti kulibe, chifukwa m'matumbo tizilombo take timakhala tochepa. Njira imene imatsatidwa m'maiko a TB yambiri, monga India ndi South Africa, ndi kuyamba kupereka mankhwala a TB kwa miyezi iwiri kapena itatu, kenako n'kuunikanso m'thumbo. Kungomva bwino sikokwanira, pakuti odwala Crohn ena amapezako bwino kwakanthawi akamamwa mankhwala a TB. Umboni weniweni ndi zilonda: ngati zapola kapena zikupola, inali TB ndipo wodwala amamaliza miyezi isanu ndi umodzi, ngati zili momwemo, dokotala amatembenukira ku matenda a Crohn. Dongosololi limatengera kulemera kwa zolakwa ziwiri. Kupereka mankhwala a TB kwa wodwala Crohn kumachedwetsa chithandizo chake ndipo kungavutitse chiwindi. Kupereka mankhwala ofoola chitetezo kwa wodwala TB kungafalitse TB thupi lonse, munthu n'kumwalira.

Kachilombo ka HIV kamapimidwanso nthawi zonse, chifukwa chitetezo chikatsika pali tizilombo tina timene timachititsa zilonda m'matumbo.

Kupima kotsimikizira ndi kolonosikopi: kapaipi kofewa kokhala ndi kamera kamalowetsedwa kotulukira chimbudzi, dokotala n'kuona khoma la thumbo ndi kudulako tinyama tating'ono tokapima. Ku Lilongwe kupima kotere kumachitikira ku Kamuzu Central Hospital, chipatala chachikulu cha chigawo chapakati chimene chinatsegulidwa mu 1977, komanso m'zipatala zina zolipira. Labotale yopimira tinyama pachipatalachi inayamba ntchito mu 2011 mogwirizana ndi UNC Project-Malawi. Chipatala cha Bwaila, chomwe chili pafupi ndi Msika wa Lilongwe, chili ndi Martin Preuss Centre, kumene TB ndi HIV zimapimidwa ndi kuthandizidwa pamodzi.

## Ntchito ziwiri za chithandizo

Chithandizo cha IBD chili ndi ntchito ziwiri zosiyana: kuziziritsa matenda amene abuka, ndi kuwasunga ali ozizira. Mankhwala abwino pa ntchito yoyamba si onse amene ali abwino pa yachiwiri.

Chitsanzo chachikulu ndi masiteroidi, makamaka puredinisoloni. Madokotala a ku England, Sidney Truelove ndi Leslie Witts, anasonyeza mu 1955 kuti masiteroidi amaziziritsa kolaitisi, ndipo mpaka lero ndiwo amathandiza msanga. Koma saletsa matenda kubwerera, ndipo akamwedwa miyezi yambiri amafewetsa mafupa, amakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amatupitsa nkhope, amabweretsa ng'ala m'maso, komanso amatsegulira khomo matenda a tizilombo. Popeza puredinisoloni ndi wotchipa ndipo amapezeka mosavuta, cholakwa chofala n'chakuti wodwala amamusandutsa mankhwala a tsiku ndi tsiku. Funso lonse la chithandizo cha nthawi yaitali tingalifotokoze motere: ndi mankhwala ati amene angasunge munthuyu ali bwino popanda masiteroidi?

Cholinga chasinthanso. Kale zinkakwanira kuti wodwala asiye kutsekula m'mimba. Masiku ano madokotala amafuna kuti zilonda zipole ndithu, chifukwa kutupa kobisika kumapitiriza kuwononga thumbo ngakhale munthu akumva bwino.

## Kusankha pa kolaitisi ya zilonda

Kolaitisi yaing'ono kapena yapakatikati imayamba ndi mesalazini, mankhwala amene amaziziritsa kutupa pokhudza khungu la m'kati mwa thumbo ndipo safoola chitetezo cha thupi lonse. Njira yoperekera imatsata malo odwala. Ngati matenda ali kumapeto kokha, kambulu kolowetsa kumbuyo ka galamu imodzi patsiku kamagwira bwino kuposa mapiritsi, chifukwa kamafika pachilonda penipeni. Ngati akwera mbali ya kumanzere kapena kupitirira, wodwala amamwa magalamu awiri kapena kuposerapo patsiku, ndipo kuphatikiza ndi mankhwala olowetsa kumbuyo kumapoletsa msanga. Matenda akazizira, mankhwalawa sasiyidwa.

Kumene mesalazini ndi wodula kapena sapezeka, amagwiritsa ntchito salufasalazini, mankhwala akale amene anapangidwa ku Sweden ndi dokotala Nanna Svartz cha m'ma 1940. Akafika m'matumbo aakulu, mabakiteriya amawagawa pawiri, ndipo gawo limodzi ndi mesalazini yemweyo. Gawo linalo ndi la gulu la salufa, lomwe limabweretsa mutu, nseru ndi zidzolo mwa ena. Munthu amene anatulukapo zidzolo kapena matuza atamwa bakitirimu kapena fansida sayenera kumwa salufasalazini. Mankhwalawa amachepetsanso mphamvu ya umuna pa nthawi imene akumwedwa, koma imabwerera akasiyidwa.

Mesalazini akalephera, kapena munthu akafunika masiteroidi kawiri m'chaka chimodzi, kapena matenda akamabwerera nthawi iliyonse imene masiteroidi achepetsedwa, chithandizo chimakwera sitepe. Sitepe yotsatira ndi azathayopurini kapena mankhwala a bayolojiki.

Kolaitisi yoopsa ili ndi malamulo akeake. Munthu amene akutuluka chimbudzi cha magazi kasanu ndi kamodzi kapena kuposa patsiku, ndipo mtima ukugunda koposa ka 90 pamphindi, kapena thupi latentha kuposa madigiri 37.8, kapena magazi atsika kwambiri, amagonekedwa m'chipatala ndi kulandira masiteroidi a m'mitsempha. Pa tsiku lachitatu madokotala amaona ngati akuyankha. Ngati sakuyankha, amapatsidwa mankhwala amphamvu opulumutsira thumbo kapena amachitidwa opaleshoni yochotsa matumbo aakulu. Kuzengereza pamenepa kumapha. Mankhwala omanga m'mimba saperekedwa pa nthawi imeneyi, chifukwa angachititse thumbo kufufuma ndi kuphulika.

## Kusankha pa matenda a Crohn

Pa matenda a Crohn dokotala amayang'ana kwambiri za mtsogolo. Amene anayamba kudwala ali wamng'ono, amene ali ndi zilonda zozama, fisitula, kapena chigawo chachitali cha matumbo aang'ono chogwidwa, ndiponso wosuta fodya, ali pachiopsezo choti thumbo liwonongeke msanga. Anthu otere amapindula akayamba mankhwala amphamvu koyambirira m'malo mokwera masitepe pang'onopang'ono.

Azathayopurini amachepetsa kuchulukana kwa maselo oyera a m'magazi. Mlingo wake ndi mamiligalamu 2 mpaka 2.5 pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku, ndipo amatenga pafupifupi miyezi itatu kuti ayambe kugwira, kotero sangaziziritse matenda obuka payekha. Angatsitse maselo oyera mopitirira muyeso kapena kuvutitsa chiwindi munthu asakumva kalikonse, n'chifukwa chake magazi amapimidwa pafupipafupi.

Methotirekiseti, amene amabayidwa kamodzi pamlungu, amathandiza pa Crohn koma pa kolaitisi sanasonyeze phindu. Ali ndi ngozi ziwiri zofunika kuzidziwa ku Malawi. Amawononga mwana wosabadwa, choncho saperekedwa kwa mayi woyembekezera kapena amene akufuna kutenga pakati. Ndiponso akaphatikizidwa ndi bakitirimu, yemwe ndi mmodzi mwa mankhwala ofala kwambiri m'dziko muno, angaphe maselo opanga magazi.

Mankhwala a bayolojiki ndi mapuloteni opangidwa kuti atseke chinthu chimodzi chokoleza kutupa. Odziwika kwambiri, infilikisimabu ndi adalimumabu, amatseka puloteni yotchedwa TNF. Infilikisimabu, amene analoledwa ku United States mu 1998, amaperekedwa m'diripi pa tsiku loyamba, pa mlungu wachiwiri, pa mlungu wachisanu ndi chimodzi, kenako milungu isanu ndi itatu iliyonse. Adalimumabu amabayidwa pansi pa khungu milungu iwiri iliyonse. Ndiwo amathandiza kwambiri kutseka fisitula. Koma TNF ndiyo imathandiza thupi kutsekera kachilombo ka TB kamene kanagona m'mapapo, ndipo ikatsekedwa TB imatha kudzuka, kawirikawiri m'miyezi yoyambirira ndiponso kunja kwa mapapo. Motero asanayambe, wodwala amajambulidwa pachifuwa, amapimidwa TB yogona ndi kachilombo ka hepataitisi B, ndipo akapezeka ndi TB yogona amayamba walandira mankhwala oiteteza. Mwana wobadwa kwa mayi amene ankalandira mankhwalawa ali ndi pakati sabayidwa katemera wa BCG pobadwa monga ana ena, koma amadikira miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo.

Opaleshoni si chizindikiro cha kulephera. Thumbo limene lapanikizika ndi chipsera silingatsegulidwe ndi mankhwala, ndipo thumba la mafinya liyenera kutsanulidwa mankhwala ofoola chitetezo asanayambe. Kafukufuku wa ku Netherlands amene anatuluka mu 2017 anasonyeza kuti, kwa anthu odwala kachigawo kakafupi ka kumapeto kwa matumbo aang'ono, kudula kachigawoko kumapereka moyo wabwino wofanana ndi wa olandira infilikisimabu. Mfundo imeneyi ndi yolemera m'dziko limene madokotala a opaleshoni alipo koma mabayolojiki ndi osowa.

## Chitsanzo

Tiyerekeze mayi wa zaka 27, wolemera makilogalamu 50, amene amagulitsa kaunjika pa Msika wa Lilongwe. Kwa milungu khumi wakhala akutuluka chimbudzi cha magazi kasanu patsiku, nthawi zina usiku. Wamwa fulajilo kawiri ndi bakitirimu kamodzi, osasintha. Thupi silikutentha ndipo mtima ukugunda bwino.

Dokotala ayamba ndi kupima chimbudzi, HIV ndi kuchuluka kwa magazi. M'chimbudzi simupezeka amiba kapena mazira a likodzo. Kolonosikopi ikusonyeza kufiira ndi tizilonda tosadumpha malo, kuyambira kumapeto mpaka pamwamba pa mbali ya kumanzere, ndipo kupitirira pamenepo thumbo lili bwino. Tinyama tikusonyeza kutupa kwa nthawi yaitali, popanda mazira kapena zizindikiro za TB. Iyi ndi kolaitisi ya zilonda ya mbali ya kumanzere, yapakatikati.

Popeza bakitirimu sanamutulutse zidzolo, ndipo mesalazini sangamukwanitse mwezi ndi mwezi, asankha salufasalazini. Ayamba ndi piritsi limodzi la mamiligalamu 500 kawiri patsiku, n'kumawonjezera masiku angapo alionse mpaka magalamu atatu kapena anayi, pamodzi ndi mapiritsi a foliki asidi. Auzidwa kuti mkodzo ukasanduka wachikasu kwambiri asachite mantha, koma akaona zidzolo, zilonda zapakhosi kapena kutentha thupi asiye n'kubwera msanga.

Patatha milungu inayi magazi akadalipo. Dokotala awonjezera puredinisoloni, mamiligalamu 40 m'mawa uliwonse, omwe ndi mapiritsi asanu ndi atatu a mamiligalamu 5, ndipo mlungu uliwonse achotsepo piritsi limodzi mpaka atatha pa milungu isanu ndi itatu. Kusiya mwadzidzidzi n'koopsa, chifukwa thupi limakhala litachepetsa kupanga masiteroidi akeake. Matenda azizira, ndipo apitiriza ndi salufasalazini magalamu awiri patsiku.

Pa mwezi wachisanu ndi chiwiri magazi abwerera. Dokotala sathamangira kusintha mankhwala, koma afunsa mafunso atatu. Kodi mankhwala akumwedwa tsiku lililonse, kapena anadukiza ndalama zitavuta? Kodi wamwapo bulufeni, indosidi kapena mankhwala ena otere a ululu, amene amadzutsa matendawa mwa ena? Kodi palibe tizilombo tatsopano m'chimbudzi? Ngati yankho likupezeka pa limodzi la mafunsowa, kukonza chimenecho n'kokwanira. Ngati ayi, mayiyu afunika masiteroidi kachiwiri m'chaka chimodzi, ndipo salufasalazini yekha walephera.

Apa ayamba azathayopurini. Pa makilogalamu 50 mlingo ndi mamiligalamu 100 mpaka 125 patsiku, ndipo mapiritsi awiri a mamiligalamu 50 akwanira poyambira. Asanayambe ajambulidwa pachifuwa ndi kupimidwa hepataitisi B, chiwindi ndi maselo oyera. Magazi adzapimidwanso pa mlungu wachiwiri, wachinayi, wachisanu ndi chitatu ndi wa 12, kenako miyezi itatu iliyonse. Puredinisoloni akhala ngati mlatho wa miyezi imene azathayopurini sanayambe kugwira. Ngati mayiyu sangathe kubwera kudzapimidwa magazi, mankhwalawa si otetezeka kwa iye, ndipo dokotala ayenera kudziwa zimenezi asanalembe. Akafuna kutenga pakati, salufasalazini ndi azathayopurini amapitirizidwa, pakuti matenda obuka ndiwo amaopseza mwana kuposa mankhwalawa.

Kolonosikopi ikanasonyeza kumapeto kwa thumbo kuli bwino koma zilonda zili kumunsi chakumanja, njira yonse ikanasintha: funso loyamba likanakhala TB, ndipo masiteroidi akanadikira.

## Zimene zimachepetsa mwayi wosankha ku Malawi

Mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la World Health Organization uli ndi salufasalazini, puredinisoloni, azathayopurini ndi methotirekiseti, ndipo mu 2019 unawonjezera adalimumabu. Kukhala pamndandanda sikutanthauza kupezeka pashelefu. Mankhwala ambiri a m'Malawi amagulidwa kunja, kotero mtengo wake umatsata ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo munthu wogula yekha mankhwala a mwezi ndi mwezi amamva kusintha kotere mwachindunji.

Pa IBD, kudukiza kuli ndi mtengo wake. Wosiya mesalazini kapena azathayopurini amabwerera ku masiteroidi. Pa infilikisimabu vuto ndi lalikulu: akaperekedwa modumphadumpha, thupi limapanga asilikali olimbana ndi mankhwalawo, ndipo akadzayambiranso mwina sagwiranso ntchito kapena amadwalitsa munthu pa nthawi ya diripi. Mabayolojiki amafunanso kusungidwa m'firiji pa madigiri 2 mpaka 8, chinthu chovuta kumene magetsi amazimazima. Choncho mankhwala amphamvu amene munthu angawapeze miyezi itatu yokha akhoza kukhala chisankho choipa poyerekeza ndi ofooka amene angawapeze zaka zonse. Mankhwala atsopano monga vedolizumabu, amene amagwira ntchito m'matumbo mokha ndipo sadzutsa TB kwambiri, angagwirizane ndi dziko la TB yambiri, koma mtengo wake ndi wokwera kwambiri.

## Kuyang'anira wodwala

Chithandizo chikugwira ngati magazi asiya, munthu sakudzukanso usiku kupita kuchimbudzi, thupi likubwerera, magazi m'thupi akuchuluka, ndipo zonsezi zikuchitika popanda masiteroidi. Kumene n'kotheka, amapima puloteni ya kalupurotekitini m'chimbudzi, imene imakwera thumbo likatupa, kapena amaunikanso ndi kolonosikopi.

Munthu amene ali pa mankhwala ofoola chitetezo akatentha thupi, akatsokomola milungu iwiri, akamatuluka thukuta usiku kapena kuonda, amapimidwa malungo, TB ndi maselo oyera mosachedwa, osati kungoganiza kuti matenda a m'mimba abuka. Kusanza ndi kutupa mimba mwa wodwala Crohn kumasonyeza kuti thumbo latsekeka. Kuchepa kwa magazi kumathandizidwa ndi ayironi, ndipo amene anadulidwa kumapeto kwa matumbo aang'ono angafunike jakisoni wa vitamini B12.

Kutupa kwa zaka zambiri m'matumbo aakulu kumawonjezera chiopsezo cha khansa ya m'matumbo. Pa chifukwa chimenechi, aliyense amene matenda ake anapitirira chigawo chomaliza amalangizidwa kuunikidwa ndi kolonosikopi pakatha zaka zisanu ndi zitatu chiyambire kudwala, ngakhale akumva bwino, ndipo pambuyo pake amaunikidwanso pa nthawi imene dokotala waika malinga ndi zimene wapeza.